Mawu Amene Wiza Anadula

Wiza Msowoya anaphunzira Chiindoneziya chifukwa cha njala. Atapita ku Yogyakarta kukachita digiri yachiwiri ya kamangidwe ka mizinda, anapeza kuti mayi wogulitsa mpunga pafupi ndi pamene ankagona sadziwa Chingelezi ngakhale pang'ono, ndiye iye anayamba ndi mayina a ndiwo. Pobwerera ku Mzuzu, chinenerocho chinali chitakhazikika m'kamwa mwake. Ntchito imene anaphunzira sanaipeze. Inamupeza ndi ina, yolemba masabutaitulo, mawu aja amaoneka pansi pa kanema kuti wosamva chinenero aziwerenga. Ankagwirira ntchitoyi m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yosindikiza ya Mayi Marjorie ku Chibavi, momwe munali tebulo, laputopu ndi zenera loyang'ana ngalande.

Mwezi wa Juni, mphunzitsi wake wakale wa ku Yogyakarta, mayi wotchedwa Bu Ratih, anamutumizira kanema wa msonkhano wa akatswiri umene unachitikira pa intaneti. Nkhani yake inali ya mizinda imene ikukula chifukwa cha mayunivesite. Wolankhula wamkulu anali Dokotala Winifred Kayira, mphunzitsi pa yunivesite ina ya mu Mzuzu momwemo. Ophunzira a Bu Ratih ankafunika kumutsatira m'chinenero chawo. Malamulo anali omwe aja a nthawi zonse: mizere isapitirire iwiri, mzere uliwonse usapitirire zilembo 42 kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo wowerenga asathamangitsidwe kuposa zilembo 17 pa sekondi. Ukapyola, pulogalamu inkafiiritsa mzerewo, ndipo Bu Ratih ankabweza ntchito yonse.

Dokotala Kayira anayamba bwino, akupuma pamene munthu amayenera kupuma. Koma chakumapeto woyendetsa msonkhano anawauza kuti nthawi yatha, ndipo mayiwo anayamba kuthamanga ngati minibasi yolimbirana makasitomala. Mawu a Chiindoneziya ndi aatali kale. Wiza ankadula apa, kufinya apo, mizere n'kumafiirabe.

Panali pena pamene anakhalapo nthawi yaitali. Pa kanema pankaoneka chithunzi cha msewu wa kuseri kwa yunivesite, ndi nyumba yosanja yabuluu yolembedwa dzina la mwini wake, Chirambo. Dokotala anaika chithunzicho pofuna kungoonetsa mmene mahositelo akumerera. Ali pa chithunzi chomwecho, ananena mwa mpweya umodzi kuti amva, koma sanatsimikize, kuti eni mahositelo ena amalemba anyamata kukawotcha nyumba za anthu okana kugulitsa malo. Ananena zimenezi m'masekondi atatu, n'kulumphira pa mfundo ina osapuma. Masekondi atatu ndi zilembo 51 basi. Chiganizo cha Wiza chinali ndi 63.

China chake chinayenera kuchoka. Wiza anayang'ana liwu lakuti *preman*, limene kumeneko amatchulira zigandanga zolembedwa ganyu, ndipo analikonda. Linali ndi mphamvu, ophunzira aja akanalimva m'thupi. Analisiya. Anachotsa *konon*, kutanthauza kuti “akuti”, ndi *ada … yang*, amene ankasonyeza kuti ndi ena chabe. Panatsala izi:

*Pemilik kos menyewa preman
untuk membakar rumah.*

Kufiira kunachoka. Chiindoneziya sichikakamiza munthu kusonyeza ngati mwini hositelo ndi mmodzi kapena ambiri, ndipo Wiza anadziuza kuti aliyense wotsatira nkhaniyo adziwa yekha. Anatumiza ntchitoyo, Bu Ratih anayamikira, kanemayo anaikidwa pa intaneti.

Patangopita masabata ochepa, nyumba ya Mayi Lenia Mhango inapsa. Inali ya njerwa zosawotcha, yopanikizika pakati pa mahositelo awiri, ndipo dera lonse linkadziwa kuti mayiwo anakana kugulitsa kangapo konse. Iwo anatuluka amoyo. Mdzukulu wawo anatuluka atapsa msana ndi miyendo. Palibe amene anaona woyatsa motowo.

Loweruka m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kozizira, Wiza ankamwa tiyi kunyumba pamene chithunzi chinalowa pa gulu la WhatsApp la kumpingo kwawo. Anachizindikira asanachikulitse n'komwe. Pakona panali nkhope ya Dokotala Kayira, pakati nyumba yabuluu ija, ndipo pansi pake panali mzere wake, koma tsopano uli m'Chingelezi. Wina anaonera kanemayo pafoni atatseka mawu, makina n'kumumasulira masabutaitulo a Chiindoneziya aja. Makinawo anasankha munthu mmodzi: mwini hositelo amalemba zigandanga kuti ziwotche nyumba. Pansi pa chithunzicho panali uthenga wa mawu. Mwamuna wina ankakuwa kuti ngakhale madokotala a pa yunivesite auza dziko lonse, nanga ife tikudikira chiyani, tiyeni kwa Chirambo.

Wiza analembera Bu Ratih kuti achotse kanemayo msanga. Uthenga unapita koma sunawerengedwe. Anavala jekete, n'kuimitsa kabaza wa njinga yamoto.

Phokoso analimva asanafike. Wakabaza anakana kupitirira pa mphambano, ndiye Wiza anathamanga wapansi m'matope ofiira. Pa geti la nyumba yabuluu panali anthu osawerengeka: amayi a pamsika, anyamata oumba njerwa, oyandikana ndi Mayi Mhango, ndi ena ovala ngati ophunzira. Miyala inkagwa pa malata ngati matalala. Magalasi a m'mwamba anali atatha kale. Atsikana ogona m'hositelomo ankatulukira kumbuyo atasenza masutikesi ndi matiresi, wina akulira kuti laputopu yake yatsalira m'kati.

A Chirambo kunalibe. Amene analipo anali mlonda wawo, a Yona, bambo wachikulire wa ku Ching'ambo amene ankavala chikhoti chachikulu chankhondo. Anaima m'kati mwa geti atagwira loko ndi manja onse awiri.

“Abwana kulibe!” ankakuwa. “Muli ana a eni ake muno! Chonde, wonani ana!”

Geti linagwedezeka, mahinjesi n'kuzuka pakhoma. Linagwera m'kati, a Yona ali pansi pake, ndipo anthu anadutsa pamwamba. Atawakoka, mwendo wawo umodzi unali utapindikira kumene mwendo supindikira.

“Ndi uyu amagula petulo!” anatero wina.

Palibe anafunsa kuti wadziwa bwanji. Mwamuna wina wamtali wovala juzi yachikasu anatola thabwa la pa geti, lokhala ndi msomali kunsonga, n'kumenya nalo a Yona kumaso. Wiza anamva kulira kwa thabwalo pa fupa. Bambo aja anagwira nkhope, magazi n'kumatuluka pakati pa zala.

Wiza anadziponya pakati pa anthuwo, akukankha mapewa ndi misana.

“Lekani! Mawu ajawo ndinalemba ndine! Dokotala sananene choncho!”

Mayi wina wobereka mwana anamuika foni pamphuno.

“Werengani nokha, achimwene. Kapena simudziwa Chizungu?”

“Amama, ndikuti ndinalemba ndine. Anati *akuti*. Anati *ena*. Sanatchule munthu.”

“Nanga nyumba iyi si iyi? Dzina ili si ili?”

“Wamutuma Chirambo ameneyo!” anakuwa mnyamata wina kumbuyo.

Chigongono chinamupeza pakamwa. Anagwa chagada, wina n'kumuponda padzanja, wina pamimba. Ali pansipo ankaona pakati pa miyendo ya anthu. Anaona tayala likugubuduzidwa kuchokera kumsewu. Anaona wajuzi yachikasu uja akulikweza n'kuliveka a Yona m'khosi, ndipo botolo la petulo likudutsa m'manja kupita kutsogolo. Fungo lake linafika mpaka pamene iye anagona. A Yona sankakuwanso. Ankangotchula dzina la munthu wina, mwina mkazi wawo, mobwerezabwereza.

Machesi oyamba anazima ndi kamvula kaja. Achiwiri anathyoka. Wina ankafunsa amene ali ndi laita pamene galimoto ya apolisi inatulukira pa mphambano, utsi wokhetsa misozi n'kuphulika pakati pa bwalo. Anthu anabalalika, akugwetsana m'ngalande. Wiza anakwawa, maso akuwotcha, mpaka anagwira tayala lija n'kulivula. Apolisi awiri ananyamula a Yona ngati thumba n'kuwaika kumbuyo kwa galimoto. Chipinda cha pansi cha hositelo chinali chitayamba kale kufuka.

Akubwerera wapansi, mlomo utatupa, foni yake inalira. Anali Dokotala Kayira. Dzina ndi nambala ya Wiza anazipeza kumapeto kwa kanema uja. Anali asanalankhulanepo chiyambire, koma mayiwo sanapereke moni.

“Ndinu a Msowoya? Mwandipha, a Msowoya. Ndaonera kanema uja katatu. Ndinati sitinatsimikize. Ndinati ena. Mawu amenewo ali kuti?”

“Sanakwane, madamu. Munathamanga kwambiri pamenepo, ndiye...”

“Sanakwane? Ndinagwira kafukufuku ameneyu zaka, ndikusamala liwu lililonse, inu n'kundiuza kuti sanakwane?” Anapuma mwamphamvu. Atayambiranso, mawu awo anali atatsika. “Tamverani. A Chirambo anali pa geti panga ndi mwana wawo. Ana anga anali m'nyumba. Ndawaonetsa kanema, ndawauza kuti amene analemba mawu apansiwo ndi inu. Ndawauzanso kumene mumagwirira ntchito. Pepani. Musapiteko lero.”

Wiza anaima pambali pa msewu, malovu a magazi akudzaza m'kamwa. Akanatha kupita kwa mlongo wake ku Chibanja n'kukabisala. Koma fayilo inali mu laputopu, laputopu inali ku Chibavi, ndipo mzere uja unali ukadali pa intaneti monga anaulembera. Anapita ku Chibavi.

Mayi Marjorie atamuona anagwira pakamwa, koma iye anangodutsa n'kulowa m'kachipinda kake. Anatsegula pulogalamu, n'kupeza malo aja. Anavala mahedifoni n'kumvetsera masekondi atatuwo. Mawu onse analipo, omveka bwinobwino. Anabwereza. Sanamve chitseko chikutseguka.

Mahedifoni anachoka ndi khofi. Mpando unagwa, mutu wake n'kugunda khoma. Amene anamumenya anali mnyamata wa msinkhu wake womwe, wa mapewa otambalala, atanyamula sipanala ya mawilo a galimoto. Kumbuyo kwake kunaima bambo wamfupi wa imvi, wovala suti yotuwa yothimbirira ndi mwaye m'mikono. Bamboyo anatseka chitseko n'kukhoma.

“Ndine Overtoun Chirambo,” anatero. “Uyu ndi mwana wanga Fyson. Iwe ndiwe wolemba Chitchaina uja?”

“Chiindoneziya, adada.”

Fyson anamuponda m'nthiti.

“Mudzutse,” anatero a Chirambo. “Akhale pampando. Ndinayamba ndi kugulitsa matabwa pamutu, iwe. Nyumba ija ndamanga chipinda chimodzichimodzi. Lero ndaiona ikupsa, mlonda wanga sindikudziwa ngati ali moyo. Unandionapo ine ndikuwotcha nyumba ya munthu?”

“Ayi, adada.”

“Unandidziwapo?”

“Ayi.”

“Ndiye ulemba zimene ndikuuze, pamalo pomwepo pamene unalemba bodza lako. Lemba kuti a Overtoun Chirambo, mkulu wa mpingo, sanawotche nyumba ya Mayi Mhango kapena ya munthu wina aliyense, ndipo amene ananena zimenezi ndi wabodza ndipo akupepesa kwa iwo ndi banja lawo lonse.”

“Adada, sizingatheke pamenepo. Pali masekondi atatu okha. Komanso dokotala sananene zimenezo. Ndingalembe kalata yopepesa ndi dzina langa, ndiitumize paliponse pamene...”

Fyson anagwira dzanja lake lamanja, n'kulitambasula patebulo. Sipanala inatsika kamodzi. Wiza anamva zala ziwiri zikuthyoka asanamve ululu. Ululuwo utafika, anakuwa mpaka mawu anatha, n'kusanza tiyi wa m'mawa uja pansi. Kunja Mayi Marjorie anayamba kumenya chitseko.

“Lamanzere lilipo,” anatero Fyson. “Lemba.”

Analemba ndi chala chimodzi, akulakwitsa, akufufuta, misozi ndi mamina zikugwera pa makiyi. Chiganizo cha a Chirambo m'Chiindoneziya chinadzaza mizere isanu. Bokosi lonse linafiira.

“Onetsa,” anatero bambo aja, akuwerama pa laputopu.

Wiza anayatsa kanema. Mawu aja anatulukira ngati khoma, kuphimba theka la nyumba yabuluu, ndipo asanaphethire kawiri anali atazimiririka.

“Ali kuti? Bwezera.”

Anabwezera. Anatulukanso n'kuzimiririka.

“Ukundipusitsa? Ngakhale dzina langa sindinalione. Achedwetse.”

“Ndikawachedwetsa akwera pa mawu otsatira, adada. Dokotala sapuma pamenepa. Ndipo kumene ndimatumizako sangalandire, aona kuti si zimene zikunenedwa. Abweza. Mzere wakale ukhalabe pomwepo.”

Fyson anakweza sipanala, koma bambo ake anamugwira mkono. Anayang'anitsitsa Wiza nthawi yaitali, akupuma ngati munthu wokwera phiri.

“Nanga chimene angalandire n'chiyani?”

“Zimene dokotala ananena.”

“Lemba zimenezo.”

Wiza anafufuta zonse. Dzanja lamanja analipanira m'khwapa, likugunda ngati lili ndi mtima wakewake. Anabwezera *konon*. Anabwezera *ada* ndi *yang*. Mzere unafiira, monga unachitira tsiku lija. Anayang'ana *preman*, n'kulifufuta pamodzi ndi mawu olizungulira, m'malo mwake n'kuika liwu limodzi lotanthauza kutuma.

*Konon ada pemilik kos
yang menyuruh membakar rumah.*

Zilembo 51. Kufiira kunachoka. Sizinamutengere ngakhale nthawi yomwera kapu ya madzi, ndi dzanja lamanzere, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa zala zija.

“Akuti chiyani pamenepo?” anafunsa a Chirambo.

“Akuti alipo eni mahositelo ena amene amatuma anthu kuwotcha nyumba.”

“Ndiye nkhani ya kuwotcha ikadalipo?”

“Ananena, adada. Koma tsopano akuti ndi mphekesera, ndipo sakuloza munthu mmodzi.”

“Pansi pa nyumba yanga.”

“Chithunzicho si changa. Ndawapempha kale kuti achotse kanema yense. Ndiwapemphanso kuti akamabwezera, chithunzicho chisakhalepo.”

Bamboyo anakhala pa katoni ya mapepala imene inali pakona. Anayang'ana mwaye wa m'mikono mwawo.

“Timawu tiwiri,” anatero, osayang'ana munthu. “Tumiza.”

Wiza anasunga fayilo n'kuitumiza kwa Bu Ratih. Uthenga utangopita, Fyson anakankha bambo ake pambali n'kumenya laputopu ndi sipanala, kawiri, katatu, mpaka galasi linamwazika. Kenako anatembenukira kwa Wiza. Anamumenya paphewa, n'kumugwetsa, n'kuyamba kumuponda kumutu. A Chirambo ankati “Basi, Fyson, basi,” koma mawu awo analibe mphamvu. Chimene chinamuleketsa chinali chitseko. Mayi Marjorie anali ataitana anyamata a kabaza a pa siteji, ndipo anachithyola ndi benchi. Fyson anatuluka akugwedeza sipanala kuti apeze njira, mnyamata mmodzi n'kumugenda ndi njerwa pamsana. A Chirambo anatuluka pambuyo pake pang'onopang'ono, palibe anawagwira.

Bu Ratih anachotsa kanemayo tsiku lomwelo. Patapita masiku anamubwezera, ali ndi mzere watsopano, chithunzi cha nyumba yabuluu chitaphimbidwa. Analembera Wiza uthenga waulemu womufunira kuchira, koma sanatchule za ntchito ina. Dokotala Kayira analemba chikalata chofotokoza zimene ananena ndi zimene sananene, ndipo chinawerengedwa ndi anzawo a ku yunivesite. Chithunzi chakale chija chinapitirira kuyenda m'mafoni. Wiza anachionanso pa gulu la anzake a kusekondale, wina atawonjezerapo kuti Chirambo wathawira ku Tanzania, pamene bamboyo anali mu Mzuzu momwemo akukolopa mwaye.

Atatuluka m'chipatala, Wiza anapita kupolisi. Anafotokoza za Fyson ndi sipanala. Anafotokozanso za mwamuna wa juzi yachikasu, kutalika kwake, chipsera cha pachibwano, ndi mawu ake, amene anali omwe aja a mu uthenga wa pa WhatsApp. Mlongo wake anamuletsa, akuti anthu a dera lija sadzamusiya, koma iye anasaina ndi dzanja lamanzere. Fyson ndi wajuzi yachikasu uja anamangidwa. Usiku wotsatira mwala unaswa zenera la kunyumba kwa Wiza, ndipo anasamukira ku Chibanja.

Wiza anakumana ndi a Yona pa mzere wa kuchipatala, tsiku lokaonetsa pulasitala. Bamboyo anali pa njinga ya odwala, mwendo uli m'chikhakha, diso lamanzere litatsekedwa ndi thonje. Mkazi wawo anapita kukalembetsa. Wiza anakhala pa benchi pambali pawo.

“Monire, adada.”

Bamboyo anatembenuza mutu wonse, akufufuza.

“Yewo. Khalani mbali iyi, uko sindikuonani.”

Wiza anazungulira n'kukhala kumanja. A Yona anamuyang'ana nkhope, kenako dzanja.

“Ndinu munandivula tayala. Anandiuza apolisi. Yewo chomene.”

“Ndinenso ndinalemba mawu aja, adada. Amene anthu ankaonetsana pafoni.”

“Amenewo sindinawaone. Kuwerenga ndimangodziwa dzina langa. Munalemba kuti ndine ndinawotcha?”

“Ayi. Dzina lanu munalibe.”

“La abwana?”

“Munalibenso. Ndinachotsa mawu oti ndi mphekesera chabe, chifukwa malo anachepa.”

A Yona anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sizinaoneke ngati amvetsa, komanso sanafunse kuti malo ake ati. Anakonza bulangete pa mwendo wawo.

“Mwana uja wa kwa a Mhango ali m'chipinda cha kuseri uku,” anatero. “Ndimamumva akamamusintha mabandeji. Inu amene mumadziwa zinthu, anapezeka amene anayatsa?”

“Sanapezeke, adada.”

Namwino anatulukira pakhomo n'kuitana dzina la a Yona. Mkazi wawo anali asanabwere, ndiye Wiza anaimirira, n'kugwira njingayo ndi dzanja lamanzere, mbali inayo n'kuitsamira ndi chigongono. Inkakhotera kumodzi, koma anafika nayo pakhomo.